Moyo Wosatha m'Gemu: Mmene Nambala Imodzi Imasakidwira ndi Kuumitsidwa

Aliyense amene anakhalapo usiku wonse akulimbana ndi chilombo chomaliza m'gemu ya pa kompyuta amakadziwa kamzere kofiira kapakona ya sikirini. Kamzereko ndiko moyo wa munthu wako. Akakumenya kamachepa, kakatha wafa, ukayambirenso. Komatu kwa kompyuta kamzereko ndi nambala chabe, yosungidwa penapake m'memori pamene gemu ikuseweredwa. Ndipo m'gemu yosewera wekha popanda intaneti, nambalayo imakhala m'makina ako omwewo, osati pa seva ya kampani. Apa ndipo pamalowera mapulogalamu osanthula memori.

Yotchuka kwambiri ndi Cheat Engine, imene anailemba Eric Heijnen, wodziwika ndi dzina loti Dark Byte. Chodabwitsa chake n'chakuti pulogalamuyi siidziwa kanthu za gemu yako. Siidziwa kuti moyo n'chiyani. Memori ili ngati mzinda wa timanyumba tambirimbiri, kalikonse ndi adiresi yake, koma pakhomo palibe chikwangwani chonena kuti muno mumakhala moyo, umo mumakhala zipolopolo. Chimene pulogalamuyi imatha n'kupempha Windows chilolezo chowerenga ndi kulemba m'memori ya pulogalamu ina, kudzera m'njira monga ReadProcessMemory ndi WriteProcessMemory, zomwe olemba mapulogalamu amagwiritsanso ntchito posaka zolakwika.

Nanga imapeza bwanji kanyumba koyenera? Imachita kupeta, ngati mayi ali ndi lichero. Cheat Engine imabwera ndi kapulogalamu kophunzitsira, ndipo phunziro lake loyamba losaka nambala limakupatsa moyo wa 100 ndi batani lolembedwa Hit me. Umalemba 100, n'kusankha mtundu wa nambala wotchedwa 4 Bytes, kenako n'kudina First Scan. Pamatuluka maadiresi ochuluka, poti nambala ya 100 imapezeka m'malo ambiri osakhudzana ndi moyo. Ukadina Hit me moyo umatsika, tinene kuti wafika pa 96. Umalemba 96 n'kudina Next Scan. Tsopano pulogalamuyo siisakanso memori yonse. Imangoyang'ana maadiresi a poyamba aja n'kutaya onse amene mulibe 96. Kubwereza kawiri kapena katatu, gaga yense wauluka, patsala adiresi imodzi kapena ziwiri. Ukalembamo 1000, n'kudinanso Hit me, moyo n'kuyamba kutsika kuchokera pa 1000, wadziwa kuti wagwira mwini wake.

Gemu zambiri sizionetsa nambala, zimangoonetsa kamzere. Pamenepo umayamba ndi Unknown initial value, ndipo pulogalamuyo imasunga chithunzi cha memori mmene ilili. Ukalola kumenyedwa umasankha Decreased value. Ukaima duu osakhudzidwa umasankha Unchanged value, ukamwa mankhwala Increased value. Imatenga nthawi, koma mfundo ndi yomweyo: chotsala ndi chimene chasintha mofanana ndi moyo wako nthawi zonse.

Pamene ambiri amagwa mphwayi ndi pa mtundu wa nambala. Nambala ya 100 ikasungidwa yathunthu m'mabayiti anayi imaoneka chonchi, pomwe 100 yemweyo akasungidwa ngati Float, mtundu wolola tizigawo, amaoneka mosiyaniratu:

```
64 00 00 00
00 00 C8 42
```

Ukasaka mtundu wolakwika supeza kanthu, ngakhale moyowo uli pomwepo. Gemu zina zimapotoza nambalayo: zopangidwa ndi RPG Maker VX zimasunga nambala kuchulukitsa kawiri n'kuwonjezera imodzi, moti 100 umamupeza ali 201. Zina zimasunga nambala ziwiri, yeniyeni ndi yongojambulira pa sikirini. Ukagwira yojambulirayo, kamzere kamaoneka kodzaza bwinobwino koma munthu wako amafa ndithu. Ukaona zimenezo, adiresi yeniyeni ikadali kwina.

Tsono kuumitsa. Mawuwa amasocheretsa, ndipo ndimafuna anthu amvetse bwino pano, chifukwa mavuto ambiri amayambira pomwepa. Ukachonga kabokosi ka Active pambali pa adiresi, palibe loko amene waikidwa. Gemu ikupitirizabe kuchotsera moyo wako monga kale. Chimene chikuchitika n'chakuti Cheat Engine ikubwerera pa adiresi ija mobwerezabwereza, kakhumi pa sekondi ngati sunasinthe kalikonse, n'kumalembanso 100. Zili ngati munthu amene akuthira madzi m'ndowa yobooka. Gemu yothamanga zithunzi 60 pa sekondi imakhala itapanga zithunzi zisanu ndi chimodzi pakati pa kulemba kumodzi ndi kotsatira. Bomba likakuchotsera moyo wonse pa kampata kameneko, gemu imaona ziro, imalamula imfa, ndipo 100 uja amafika maliro atayamba kale. Nthawi zina umatsala mtembo woyenda: moyo wodzaza, koma sungasunthe kapena kumenya.

Vuto lachiwiri limabwera ukatseka gemu kapena ukalowa gawo lina. Memori imagawidwa mwatsopano, moyo wasamukira kwina, koma pulogalamu ija ikulembabe 100 pa adiresi yakale, imene tsopano mwalowa chinthu china. Ngati chinthucho ndi cholozera chimene gemu imadalira kuti ipeze katundu wake, gemu imazima pomwepo. Zikaipa kwambiri siizima: imapitirira ndi nambala yowonongeka, n'kuisunga m'fayilo ya pomwe wafika. Masabata a masewero amatha choncho. N'chifukwa chake odziwa amakopera fayiloyo pambali asanayambe, ndipo amachotsa chongi chija asanasinthe gawo.

Ena amapita patali. Amasankha Find out what writes to this address kuti aone lamulo lenilenilo limene limachotsera moyo, n'kulifufuta poikapo NOP, lamulo lotanthauza kuti usachite kanthu. Izi zimathetsa vuto la bomba lija, koma kawirikawiri lamulo limodzi lomwelo ndilo limachotsera moyo wa aliyense m'gemu. Umadzuka uli wosafa, adani akonso ali osafa.

Ngozi yaikulu kwa ine si ya gemu ayi, ndi ya kompyuta. Pulogalamu yololedwa kusuzumira m'memori ya ina imapempha mphamvu za woyang'anira makina. Antivayirasi imaikayikira kawirikawiri, ndipo ikamaikidwa pa kompyuta yakhala ikubwera ndi timapulogalamu tamalonda timene uyenera kutikana. Anthu azolowera kumva kuti chenjezolo ndi labodza, ingozimitsa antivayirasi, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Amakonza makope onama ndi timapulogalamu tolonjeza moyo wosatha pongodina batani, mkati mwake muli choba mapasiwedi. Munthu amachitsegulira yekha khomo, mlonda atamutuma kukagona. Ngakhale mafayilo a .CT, amene anthu amagawana kuti asavutike ndi kusaka, amatha kukhala ndi malamulo a Lua amene amagwira ntchito pa kompyuta yako. Pa foni za Android, GameGuardian imachita ntchito yofanana, ndipo kuti igwire bwino imafuna foni yotsegulidwa mpaka ku mizu, zimene zimachititsa mapulogalamu ambiri a banki kukana kutseguka.

Pomaliza pali malire a pakati pa gemu yako ndi ya anzako. M'gemu ya pa intaneti yopangidwa bwino moyo weniweni umasungidwa pa seva, choncho kusintha nambala ya kwanu kumangonamiza maso ako. Chilango chokha n'chomwe chimakhala chenicheni. Valve, kampani ya Steam, ili ndi mlonda wotchedwa VAC, ndipo akakuletsa pa gemu chiletsocho sichichotsedwa. Gemu zambiri zili ndi mbali ziwiri, yosewera wekha ndi ya pa intaneti, zonse m'pulogalamu imodzi. Munthu amaumitsa moyo masana akusewera yekha, madzulo anzake n'kumuitana, iye n'kulowa pa seva Cheat Engine ikadali yolumikizidwa ku gemuyo.