Sefa yochotsa mizere pachithunzi

Chithunzi chakale mukachilowetsa m'kompyuta, nthawi zina chimatuluka ndi timizere tosalekeza pankhope za anthu onse. Kufufuta mzere umodziumodzi kungakutengereni tsiku lathunthu. Odziwa ntchitoyi amayamba asandutsa chithunzicho kukhala mndandanda wa mafunde, kenako n'kusefa mafunde osafunikawo monga mayi asefera ufa.

Nzeruyi inachokera kwa Joseph Fourier, katswiri wa masamu wa ku Falansa, yemwe buku lake lokhudza kayendedwe ka kutentha linatuluka mu 1822. Tikaibweretsa pachithunzi, imati chithunzi chilichonse ndi mafunde ambiri a kuwala ndi mdima osanjikizana. Mafunde aataliatali amanyamula mbali zosintha pang'onopang'ono, monga thambo. Mafunde othinana amanyamula tsitsi, zilembo ndi timizere tija. Njira yachangu yowerengera mafundewa, yotchedwa `FFT`, inafalitsidwa ndi James Cooley ndi John Tukey mu 1965.

Tiyeni titenge chithunzi cha timadontho 512 m'litali ndi 512 m'lifupi, timadontho tomwe ena amati mapikiseli. Chili ndi mizere yoimirira yomwe imabwerezedwa pakatha timadontho 8. Tisanasefe, pali msampha woyamba. Masamu a Fourier amaona chithunzi ngati chitenje chomwe nsonga zake zasokedwa pamodzi, kumanzere ndi kumanja, pamwamba ndi pansi. Choncho sefa ikafika m'mphepete, imatapa za tsidya lina. Mudzadziwa kuti zachitika mukaona kuwala kwa thambo kwalowerera m'munsi mwa chithunzi, momwe muli dothi lakuda.

Mankhwala ake ndi kuwonjezera malo opanda kanthu, odzaza ndi maziro, kumanja ndi kumunsi kwa chithunzi. Ngati sefa ndi yotambalala timadontho 31, mbali iliyonse ifike osachepera 512 + 31 − 1, omwe ndi 542. Ambiri amangowirikiza kawiri n'kufika 1024. Mazirowo sawonjezera chatsopano pachithunzi. Ali ngati mpata wosiyidwa pakati pa minda iwiri kuti moto usadumphire kwa mnzako.

Tsopano tiwaone mafundewo. Kompyuta ikangowawerengera, mafunde aatali amakhala m'makona anayi, zomwe zimavuta kumvetsa. N'chifukwa chake timasinthanitsa zigawo zinayizo kuti makona akumane pakati. Pakatikati penipeni pamakhala nambala yoimira kuwala kwa chithunzi chonse, ndipo mukamatalikira pakatipo mafunde amanka nathinana. Nambala yapakatiyo ndi yaikulu kwambiri moti mukaionetsa mmene ilili mumangoona kadontho kamodzi koyera mumdima wa bii. Kuti zing'onozing'ono zioneke, timachepetsa kusiyanako ndi `log`. Mu Python, pogwiritsa ntchito NumPy, zonsezi zimalembedwa motere:

```python
F = np.fft.fftshift(np.fft.fft2(f, s=(1024, 1024)))
S = np.log(1 + np.abs(F))
```

Mizere yathu ija tsopano yasanduka nyenyezi ziwiri zowala, ina kumanzere, ina kumanja kwa pakati, pamtunda wofanana. Mtundawo ndi wowerengeka: 1024 kugawa ndi 8 ndi 128. Tikadapanda kuwonjezera maziro ukadakhala 64, pakuti 512 kugawa ndi 8 ndi 64. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amaphonya: amawerengera 64, n'kuika sefa pamenepo pachithunzi chokulitsidwa, mizere n'kukhala chikhalire.

Kusefa kwenikweni ndi kuchulukitsa basi. Timakonza sefa ya 1024 ndi 1024 yomwe ili ndi 1 paliponse, koma imatsika mpaka 0 pa nyenyezi ziwirizo, ndipo timachulukitsa nambala iliyonse ndi inzake yolingana nayo. Nyenyezi zonse ziwiri zizimitsidwe, chifukwa ndi nkhope ziwiri za funde limodzi. Komanso sefa itsike pang'onopang'ono, monga imachitira sefa ya Gauss. Mukadula mwadzidzidzi ngati ndi mpeni, zinthu zapachithunzi zimatuluka ndi tizithunzithunzi m'mbali mwake, tonga mafunde a padziwe mukaponyapo mwala.

Pobwerera, `ifftshift` imabwezera zigawo m'malo mwake, `ifft2` imasandutsanso mafunde kukhala chithunzi, ndipo timadula chigawo cha 512 ndi 512 cha pakona yakumtunda kumanzere. Zotsalazo timataya.

Njirayi ili ndi malire. Ngati munthu wapachithunzi wavala malaya amizere yotalikirana timadontho 8, nayonso ifufutika, poti sefa sisiyanitsa mzere wa dothi ndi wa malaya. Maziro nawo ali ndi mtengo wake: ndi mdima, ndipo sefa yofewetsa chithunzi imaukokera mkati, m'mphepete n'kuda. Zikatero, m'malo mwa maziro dzazani malowo ndi chithunzi chomwecho chotembenuzidwa ngati pagalasi. Mukamaliza kusefa, yambani kuyang'ana m'mphepete, chifukwa zolakwika zambiri zimaonekera kumeneko.