Kanenedwe Kolamula ndi Kachifuniro mu Uthenga wa Mphunzitsi wa Mpira

M'nkhani ino tifuna kusonyeza kuti kulimba kapena kufewa kwa uthenga wa Chichewa kumagona makamaka pa maonekedwe a mneni. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa timu ya ku Malingunde walembera anyamata ake mawu awa asanakumane ndi timu ya ku Mitundu:

(1) Osachedwa. Osasewera chibwana ngati sabata yatha. Thamangani. Wolephera ndimutulutsa.

Mkonzi wosazama angaganize kuti *-ni* wa mu *thamangani* wapereka kale ulemu. Sichoncho. Polankhula ndi munthu mmodzi *-ni* ndi waulemu, koma pagulu la osewera khumi ndi mmodzi amangosonyeza kuchuluka, ndipo lamulo limatsala louma. Nawonso *osa-* satchula munthu. Amamveka ngati chikwangwani chapamsika. *Musachedwe* ali ndi *mu-*, ndiye kuti wolankhula akuyang'ana anthu ake m'maso, ngakhale kuletsako sikunachepe.

Msampha waukulu ndi *-ko*. Ambiri pofewetsa lamulo amalemba *thamanganiko* kapena *muyesetseko*. Phatikizoli limapepuzadi pempho, monga mu *ndithandizeniko*, koma limachepetsanso ntchito imene ikupemphedwa: *thamanganiko* angamveke kuti thamangani pang'ono. Mphunzitsi wotere wagula ulemu ndi zigoli. Ife tikuti *-ko* asalowe m'chiganizo chilichonse chonena za ntchito ya pabwalo.

Uthenga tawukonza motere:

(2) Anyamata, mufike pabwalo 1 koloko. Wochedwa sayamba nawo. Otchinga kumbuyo, musasiye malo anu. Mpira muzipatsirana pansi monga tinakonzera Lachinayi. Tiyeni tikawasonyeze a ku Mitundu kuti mpira timautha.

Kanenedwe kachifuniro ka mu *mufike* kamalamula popanda kukalipa, ndipo *-zi-* wa mu *muzipatsirana* akusonyeza udindo wopitirira mphindi zonse 90, zimene *patsiranani* sakanatha kunena. Chilango sitinachichotse. Tachisamutsa kuchoka pa kulephera, kumene wosewera sangakupewe nthawi zonse, n'kuchiika pa kuchedwa, kumene angakupewe. Tachotsanso *ndi-* kuti chimveke ngati lamulo la timu, osati mkwiyo wa munthu mmodzi. Za sabata yatha tazisiya, m'malo mwake takumbutsa zimene anachita bwino pokonzekera.

*Tiyeni ti-* tamusungira kumapeto mwadala. Amamuika mphunzitsi pamodzi ndi anyamata ake, ndipo mpamene pali chilimbikitso. Koma akabwera pa malangizo amasokoneza: mu *tiyeni tisasiye malo athu* wotchinga kumbuyo aliyense angayese kuti akunenedwa ndi mnzake. Njira yoyesera ndi yapafupi. Uthenga uwerengedwe mokweza kwa munthu amene sanauone, kenaka afunsidwe kuti ndani achite chiyani, nthawi yanji. Akayankha kuti "tonse" pa chiganizo chachitatu, mkonzi abweze *mu-* pamalo pa *ti-*.