Malamulo a sitolo ya pa intaneti akamadzitsutsa okha

Musanalipire katundu pa sitolo ya pa intaneti, pamakhala kabokosi koti muchonge kusonyeza kuti mwavomereza malamulo a sitoloyo. Ambiri timangochonga osawerenga. Koma malamulowo ndi mgwirizano weniweni pakati pa wogulitsa ndi wogula, ndipo tsiku limene nsapato zafika zothina, aliyense amathamangira komweko. Nchifukwa chake pamafunika munthu woti awawerenge mwachifatse asanaikidwe pa tsamba.

Tiyerekeze sitolo ya ku Lilongwe yogulitsa nsapato. Mnyamata wina amene akugwira ntchito ku Joni walipira nsapato za K45,000 kuti zikaperekedwe kwa mayi ake ku Mzuzu. Nsapato zafika patatha masiku 5, koma zachepa. Mayi aja ayimba foni patadutsa masiku ena 4.

Ndime 4 ya malamulo ikuti katundu angabwezedwe pasanathe masiku 7 chilandirireni. Ndime 11 ikuti madandaulo onse afike pasanathe masiku 7 chilipirireni. Nambala ndi yomweyo, moti wowerenga mothamanga saona vuto. Komatu tikatsata ndime 4, mayi aja atsala ndi masiku 3, pamene ndime 11 ikuti achedwa ndi masiku 2. Kutsutsana kwambiri kumabisala chonchi, m'mawu osonyeza poyambira kuwerenga masiku: chilipirireni, chitumizireni, chilandirireni.

Zotere sizichitika kawirikawiri chifukwa cha chinyengo. Mwini sitolo amatapa ndime m'masamba a masitolo ena n'kuzilumikiza, kapena amasintha lamulo pamalo amodzi n'kuiwala kuti linalembedwanso kwina. Ndiye kuwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi sikukwanira, pakuti pofika pa ndime 11 mumakhala mutaiwala mawu enieni a ndime 4. Wodziwa ntchitoyi amawerenga ndi funso limodzi m'mutu. Amafunsa kuti, kodi wobweza katundu ali ndi masiku angati? Kenako amasonkhanitsa ziganizo zonse zoyankha funsolo n'kuziika pamodzi papepala. Akatero amatenga funso lina, monga lakuti ndalama yotumizira katundu wobwezedwa alipira ndani. Mawu oti "onse", "nthawi zonse" ndi "sabwezedwa" amawayang'anitsitsa, chifukwa chiganizo chokhala ndi mawu amenewa chimagundana ndi ndime iliyonse yonena za kupatulapo. Amayerekezanso malamulowo ndi zolembedwa pa lisiti ndi pa tsamba lolipirira.

Vuto la mayina ndi lalikulu kuposa mmene limaonekera. Malamulo ambiri otere amalembedwa m'Chingerezi, ndipo m'chikalata chimodzi mumapezeka `Customer`, `Buyer`, `User` ndi `you`. Kusukulu tinaphunzitsidwa kuti kubwereza liwu limodzi n'kusadziwa kulemba, koma mu mgwirizano zinthu n'zosiyana: dzina likasintha, wowerenga ali ndi ufulu woganiza kuti munthunso wasintha. Pa nkhani ya nsapato ija, ndime 4 ikuti `Customer` ndiye wobweza katundu, ndime 9 ikuti ndalama zidzabwezedwa kwa `Buyer`, ndipo kumayambiriro anangofotokoza tanthauzo la `User`. Kodi mayi a ku Mzuzu angabweze nsapato okha, kapena mpaka mwana wawo alembe kalata? Nanga ndalama zipite pa Mpamba ya mayi kapena ku akaunti ya amene analipira? Chikalata sichikuyankha.

Pa kompyuta, `Ctrl+F` imathandiza kupeza paliponse pamene dzina lililonse latchulidwa. Koma musafulumire kusintha onse kuti akhale dzina limodzi. Pa malo aliwonse funsani kuti akunena munthu uti. Mwina `User` ndi aliyense wotsegula tsamba ngakhale sanagule kanthu, ndipo ameneyo ndi wosiyanadi ndi wogula. Ngati anthuwo ndi atatu, woyang'ana tsamba, wolipira ndi wolandira katundu, mayina akhalenso atatu, lililonse lifotokozedwe kumayambiriro, ndipo lisasinthe mpaka kumapeto.

Ntchito ya wowerengayu ili ndi malire. Iye sasankha kuti ndime 4 ipambane ndime 11. Amalemba pambali kuti ziganizo ziwirizi sizikugwirizana, n'kupereka chitsanzo ngati cha mayi aja, ndipo mwini sitolo pamodzi ndi loya wake ndiwo amagamula. Kukonza mwakachetechete n'kusintha mgwirizano wa eni ake.

Eni masitolo asaganize kuti kusamveka bwino kwa malamulo kumawateteza. M'makhoti otsata malamulo ochokera ku Mangalande, monga a kuno ku Malawi, muli mfundo yakuti mawu a mgwirizano akamveka pawiri, amatanthauziridwa mokomera amene sanawalembe. Wogula wosakhutira angathenso kukadandaula ku bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda. Ngati muli ndi sitolo ya pa intaneti, tsegulani malamulo anu lero, muwerenge kuti wogula mwamutcha mayina angati.