Matenda oumitsa khosi sadikira kuti kunja kuche

Mwana akatentha thupi, ambiri timayamba kuganiza za malungo, ndipo nthawi zambiri sitilakwa. Vuto ndi lakuti matenda oumitsa khosi nawo amayamba chimodzimodzi: kutentha thupi, mutu, kusanza, kufooka. Malungo wamba amatha kukupatsani tsiku limodzi loti muganize. Awa ayi. Akakhala oyambitsidwa ndi bakiteriya, amatha kupha munthu pasanathe maola 24 chiyambireni kudwala.

Ubongo ndi mtsempha waukulu wodutsa mu fupa la msana zinakutidwa ndi timakungu topyapyala, ndipo pakati pake pamayenda madzi oyera mbee. Tizilombo tikalowa m'madzi amenewo, timakungu tija timatupa ndipo madziwo amasanduka amafinya. Chibade cha munthu wamkulu sichifutukuka, choncho chilichonse chotupa m'katimo chimapanikiza ubongo. Khosi limauma chifukwa kuweramitsa mutu kumakoka timakungu totupato, ndiye minofu imakana yokha. Tizilomboti sitichokera kutali. Mitundu iwiri yoopsa, nyumokokasi ndi meningokokasi, imakhala m'mphuno ndi kummero kwa anthu ambiri athanzi osawadwalitsa, ndipo imafala pokhosomola, poyetsemula ndi pogona mothithikana monga m'mahositelo ndi m'ndende.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 7 yemwe wadzuka 6 koloko m'mawa akudandaula mutu, thupi lili moto. Amayi ake amupatsa panado, kutentha kwatsikako pang'ono, iwo apita kumunda. Mpaka 10 koloko kapena 12 koloko masana, ngakhale dokotala angavutike kusiyanitsa matendawa ndi chimfine kapena malungo. Cha m'ma 2 koloko, mwanayo akuti miyendo ikumupweteka kwambiri moti sakufuna kuimirira. Mukamugwira manja ndi mapazi ndi ozizira, pomwe thupi lonse likutentha, ndipo khungu latuwa. Kafukufuku wa ana oposa 400 odwala meningokokasi ku Britain ndi ku Northern Ireland, wofalitsidwa m'chaka cha 2006, anapeza kuti zizindikiro zitatuzi zimaoneka pakatha maola pafupifupi 8, pomwe zodziwika bwino zija, kuuma khosi, timadontho pakhungu ndi kusokonezeka mutu, zimabwera pakati pa maola 13 ndi 22. Ndiye kuti kwa mtsikana wathuyu khosi lidzauma kutada, mwina pakati pa usiku, kabaza kulibe, ndipo wina m'nyumbamo adzanena mawu omwe ataya miyoyo yambiri: "Tione kukacha."

Khosi louma limeneli si lofanana ndi la munthu amene wagonera mbali imodzi. Mugonekeni wodwalayo chagada, ikani dzanja kunkhongo kwake, nyamulani mutu pang'onopang'ono kuti chibwano chikagunde pachifuwa. Wodwala matendawa amalira ndi ululu, khosi limakana, mwinanso mawondo amapindika okha. Ambiri amadana ndi kuwala, amafunda kumutu masanasana. Koma khosi likapindika bwinobwino musati mwapulumuka, poti odwala ambiri amafika pangozi lisanaume. Choopsa kwambiri ndi tulo tachilendo: mwana wovuta kudzutsa, woyankha zosagwirizana, kapena wokomoka.

Timadontho ta pakhungu timafuna diso latcheru, makamaka kwa ife akhungu lakuda. Si nsungu zotukuka ngati za chikuku kapena katsabola. Ndi magazi amene atuluka m'timitsempha tophulika pansi pa khungu. Timayamba ting'onoting'ono ngati pobayidwa ndi singano, tofiira kapena toderako, kenako timakula n'kulumikizana kukhala mabanga akuda. Pakhungu lakuda sitioneka msanga, choncho yang'anani m'zikhato, kuphazi, m'kati mwa zikope ndi m'kamwa kumwamba. Tengani tambula yagalasi yoonekera, dinikizani mbali yake pa timadonthoto. Totupa wamba timazilala tikapanikizidwa, koma iti timaonekabe kudzera m'galasimo. Mukaona zimenezo ndiye kuti tizilombo tadzaza m'magazi, nyamukani nthawi yomweyo. Dziwaninso kuti timadonthoti timabwera makamaka ndi meningokokasi. Kuno ku Malawi bakiteriya amene wakhala akupezeka kwambiri mwa odwala matendawa ndi nyumokokasi, yemwe kawirikawiri sabweretsa timadontho. Wodikira kuti aone kanthu pakhungu akhoza kudikira mpaka maliro.

Khanda ndiye limasocheretsa kwambiri. Khosi lake silimauma kawirikawiri, mwina thupi lonse limangolobodoka. Limakana bere, limalira mokweza ndi mawu achilendo, ndipo mukalinyamula m'malo motonthola limalira kwambiri. Thupi likhoza kutentha kapena kuzizira. Gwirani paliwombo mwana ali chete, mutamukhazika tsonga. Liwombo lolowa m'kati timalidziwa tonse, limasonyeza kuchepa madzi m'thupi. Lotukumuka ndi lolimba likusonyeza kuti m'mutu mwapanikizika, ndipo palibe mankhwala opaka pamutu amene angafike kumene kuli tizilomboto.

Msampha wina uli pa kuyezetsa malungo. Kudera kwa udzudzu wambiri mwana amatha kukhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi pomwe chikumudwalitsa ndi china. Kachipangizo kakaonetsa mizere iwiri, mwalandira LA, koma mwana akunka nafooka, musadikire kuti amalize masiku atatu a mankhwalawo. Bwererani tsiku lomwelo, ndipo polankhula ndi adokotala musangoti "akudwala malungo". Nenani nthawi imene anayamba, kuti sakudzuka bwino, kuti khosi lakana, kuti mwaona timadontho. Mawu amenewo ndi amene amachotsa munthu pamzere.

Kuchipatala adzafuna kutenga madzi a pamsana. Abale ambiri amakana, amati jakisoni wa pamsana amapha kapena kupuwalitsa. Mantha amenewa ali ndi pochokera: amene amatengedwa madziwa amakhala odwalitsitsa kale, ndipo akamwalira anthu amaloza singano. Koma singanoyo imalowa m'munsi mwa msana, kupitirira pomwe mtsempha waukulu uja umathera, ndipo madzi otengedwawo ndi ochepa, thupi limabwezeretsa m'maola owerengeka. Madziwo ndiwo amanena ngati ndi bakiteriya, vairasi, TB kapena kiriputokokasi, kafangasi kovutitsa anthu omwe chitetezo chatsika ndi HIV, komwe kamayamba ndi mutu wosamva panado kwa masiku kapena masabata. Aliyense mwa amenewa ali ndi chithandizo chakechake. Pa bakiteriya amabaya seftiriyakisoni mumtsempha kwa masiku angapo, ndipo dokotala akakayikira matendawa amayamba kubaya zotsatira zisanatuluke.

Ngakhale ndi mankhwala, bungwe la WHO likuti munthu mmodzi mwa 6 odwala mtundu wa bakiteriya amamwalira, ndipo mmodzi mwa 5 amatsala ndi chilema monga kugontha, khunyu kapena kuvutika kuphunzira. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti mwa akuluakulu ogonekedwa ndi mtundu umenewu, pafupifupi theka ankamwalira, ndipo ofika atakomoka kale ndiwo ankamwalira kwambiri. N'chifukwa chake wochira aliyense ayenera kuyezedwa makutu akatuluka.

Katemera wathandiza. Malawi anayamba kupereka wa Hib mu 2002 ndi wa nyumokokasi mu 2011, pa masabata 6, 10 ndi 14 a mwana. Koma sateteza ku mitundu yonse. Mwana wobayitsa katemera yense akatentha thupi n'kuyamba kuvuta kudzutsa, mudzutseni mnansi wa njinga usiku womwewo.