Ndalama zili ku banki, inu muli kumudzi: mmene zimayendera pakati pa akaunti ndi foni

Mwezi ukamatha, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi ena ogwira ntchito kumadera akumidzi amalandira uthenga pafoni woti malipiro alowa. Kale uthenga umenewu unkatanthauza ulendo. Munthu wa ku Makanjira ankayenera kudzuka mbandakucha, kukwera galimoto kupita ku Mangochi boma, kuima pamzere wa makina otapira ndalama, n'kubwerera madzulo gawo lina la malipirowo litathera pa thiransipoti ndi chakudya cha panjira. Lero munthu yemweyo angathe kukhala pakhonde, kusamutsa ndalamazo kuchoka ku banki kupita mufoni, n'kukatapa kwa ejenti wa pamsika. Ambiri akuchita kale zimenezi. Chimene ndaona kuti chikusowa n'kudziwa zimene zimachitika mkatimo, ndipo kusadziwa kumeneku n'kumene kumatayitsa anthu ndalama tsiku limene zinthu zavuta.

Akaunti ya ku banki ndi chikwama cha ndalama cha pafoni ndi nyumba ziwiri za eni osiyana. Ya ku banki mwini wake ndi banki, pamene Airtel Money, imene inayamba mu 2012, ndi TNM Mpamba, imene inabwera mu 2013, ndi za makampani a mafoni. Nyumba iliyonse ili ndi khomo lake, mabuku ake, ndi nambala yake yachinsinsi. Khomo la Airtel Money ndi *211#, la Mpamba ndi *444#. Mabanki nawo ali ndi awo: *626# ndi la National Bank, *247# la Standard Bank, *322# la NBS Bank, ndipo *525# ndi la FDH Bank. Makomo onsewa amatseguka ngakhale pa kafoni ka mabatani, osafuna intaneti.

Lamulo losavuta kukumbukira n'lakuti mulowere khomo la kumene kuli ndalamazo. Ngati zili ku banki ndipo mukuzifuna mufoni, imbani nambala ya banki, sankhani kutumiza ndalama, kenako sankhani kampani ya foni, lembani nambala ya foni yolandira, kuchuluka kwa ndalama, ndi pini ya ku banki. Ngati zili mufoni ndipo mukufuna kuzisunga ku banki, imbani nambala ya kampani ya foni, pezani mbali ya mabanki, sankhani banki yanu, lembani nambala ya akaunti, kuchuluka kwa ndalama, ndi pini ya chikwama cha pafoni. Kandandalikidwe ka zosankhazi kamasintha nthawi ndi nthawi, choncho musaloweze pamtima kuti ndimadina 2 kenako 4. Werengani chimene chalembedwa nthawi iliyonse.

Njira yachiwiriyi, yochoka kufoni kupita ku banki, nthawi zambiri siifuna kulumikiza chilichonse, bola mukhale ndi nambala ya akaunti yolondola. N'chifukwa chake kholo lingathe kulipira fizi ku akaunti ya sukulu ngakhale ilo lilibe akaunti ku banki. Koma yoyamba ija imafuna kuti banki iidziwe nambala yanu ya foni, ndipo kulumikiza kumene anthu amanena n'kumeneku. Mumapita ku nthambi ya banki ndi chiphaso cha unzika, mumadzaza fomu yopempha kuti akaunti yanu iziyendera pafoni, ndipo mumalemba nambala imene mukufuna. Mabanki ena amalola kulembetsa pafoni pomwepo ngati nambalayo ili kale m'mabuku awo. Akatero amakupatsani pini yoyambira, imene muyenera kuisintha nthawi yomweyo.

Pano ndichedwepo pang'ono, chifukwa m'pamene ambiri amalakwitsa. Nambala imene mukupereka ku banki ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu, ndi chiphaso chomwecho chimene munatsegulira akaunti. Pamene boma, kudzera ku MACRA, linalamula mu 2018 kuti simu iliyonse ilembetsedwe, anthu ambiri analembetsa ndi chiphaso cha mbale wawo, mwamuna wawo kapena mwana wawo, poti iwo anali asanatenge chawo. Poimba ndi kulandira mafoni palibe vuto. Koma tsiku limene foni yabedwa, amene angakabwezeretse nambalayo ndi mwini chiphaso, ndipo ngati anamwalira, anapita ku Joni kapena munayambana naye, khomo la akaunti yanu lili m'manja mwa wina. Musanalumikize, kafunseni ku shopu ya kampani ya foni kuti simu yanu ili m'dzina la yani, ndipo ngati si lanu, konzani zimenezo choyamba.

Tsopano titenge chitsanzo. Mayi wina, mphunzitsi wa pulaimale, ali ndi K320,000 mu akaunti yake. Akufuna K150,000 mufoni: K60,000 atumize kwa mayi ake, ina agule mayunitsi a magetsi, yotsalayo atape ya ndiwo ndi zina zapakhomo. Waimba nambala ya banki, walemba zonse, wadina pini. Uthenga wa banki wabwera woti K150,000 yachoka. Wadikira mphindi zisanu, khumi, mufoni mulibe kanthu.

Chachitika n'chiyani? Ndalama zimene timaona mufoni si zongolemba ayi. Malamulo a Banki Yaikulu, Reserve Bank of Malawi, amafuna kuti tambala iliyonse yooneka m'zikwama za pafoni ikhale ndi ndalama yeniyeni yosungidwa ku banki, mu akaunti yapadera imene kampani ya foni imasungira makasitomala ake onse pamodzi. Choncho mayi uja atadina pini, ntchito inali yapatatu. Banki ichotse K150,000 mu akaunti yake, iwerengere ndalamazo kumbali ya kampani ya foni, kenako kompyuta ya banki iuze ya kampaniyo kuti ilembe K150,000 pa nambala yakutiyakuti. Nthawi zambiri zonsezi zimatha m'masekondi ochepa. Koma kumapeto kwa mwezi, anthu zikwizikwi akamatumiza nthawi imodzi, uthenga womaliza uja ungathe kudukira panjira. Ndalama zachoka uku koma sizinalembedwe uko. Sizinasowe, zangoima pakati, ndipo mbali ziwirizi zikamayerekezera mabuku awo zimaoneka, n'kufikitsidwa kapena kubwezedwa kumene zinachokera.

Cholakwa chachikulu pa nthawi imeneyi n'kubwereza. Mayiyu akaganiza kuti yoyambayo yakanika n'kutumizanso K150,000 ina, pali ziwiri. Zonse zingathe kufika pakapita kanthawi, ndiye kuti ali ndi K300,000 mufoni, walipira kawiri ndalama yotumizira, ndipo mu akaunti mwatsala ndalama yosakwana K20,000 pamene mwina ngongole yake imadulidwa m'menemo. Kapena zonse ziwiri ziima pakati, n'kukhala masiku opanda ndalama ya ndiwo yomwe.

Choyenera n'kuyamba waona mabuku onse awiri, osadalira meseji yokha, chifukwa meseji imachedwa payokha ngakhale ndalama zitafika kale. Aone balansi ya mufoni kudzera ku khomo la kampani ya foni. Aonenso sitetimenti yaifupi ya ku banki. Ngati ku banki sizinachoke, angathe kutumizanso mtima uli m'malo. Ngati zachoka ndipo mufoni mulibe, asafufute uthenga wa banki uja, chifukwa muli nambala ya ulendo wa ndalamazo, imene ili ngati risiti. Ailembe papepala pamodzi ndi tsiku, nthawi, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala yolandira. Kenako adandaule kumbali imene ndalama zinachokera, apa ku banki, ndipo afunse nambala ya dandaulo lake ndi tsiku limene ayembekezere yankho. Ndaonapo anthu akungozunguzidwa, uku akuti pitani ku banki, uko akuti funsani a foni. Amene anachotsa ndalamazo ndiye ali ndi udindo wosonyeza kumene anazipereka, ndipo ngati masiku amene analonjeza adutsa popanda yankho, nkhaniyo ingathe kutengeredwa ku Banki Yaikulu, imene imayang'anira mabanki ndi ndalama za pafoni zomwe.

Si nthawi zonse pamene vuto limakhala la netiweki. Chikwama chilichonse cha pafoni chili ndi malire a ndalama zimene chingasunge ndi zimene zingadutsemo pa tsiku, ndipo banki nayo ili ndi malire ake. Wamalonda amene wagulitsa matumba a soya n'kufuna kusamutsa zonse kamodzi angapeze kuti zikungobwerera. Chizindikiro chake n'chakuti ndalama zochepa zikudutsa bwinobwino, zambiri zikukana. Malirewa amasintha, choncho afunseni musanakonze zolipira chinthu chachikulu.

Kulakwitsa nambala ndiko kowawa kwambiri, chifukwa pamenepo makina achita zimene mwawauza. Pafoni, manambala ambiri amangosiyana pamalo amodzi, ndipo pafupifupi iliyonse ili ndi mwini wake. Musanadine pini, kawirikawiri pamaoneka dzina la wolandira. Liwerengeni mokweza ngati n'kotheka. Ngati silinaoneke ndipo ndi koyamba kutumiza ku akaunti imeneyo, yambani ndi K1,000, mutsimikize kuti yafika, kenako mutumize zotsalazo. Ndalama yotumizira imene muwonjezere ndi yochepa poyerekeza ndi kulondola K400,000 imene mlendo watapa kale kwa ejenti.

Pa za mtengo, werengerani ulendo wonse, osati gawo limodzi. Kuchoka ku banki kupita mufoni mumalipira, ndipo potapa kwa ejenti mumalipiranso. Mayi wathu uja zimamupindulira chifukwa ulendo wa ku boma ndi wodula kuposa zonsezi. Koma wa ku Limbe amene makina a banki ali pafupi naye angataye ndalama chabe akamadutsira kufoni pofuna ndalama yapamanja. Ndipo zimene mungalipire mufoni momwemo, monga magetsi, madzi ndi fizi, musayambe mwatapa.

Chotsala ndi pini. Mukalumikiza, simu yanu yasanduka kiyi wa akaunti, ndipo akuba akudziwa zimenezi. Pini ya ku banki isafanane ndi ya chikwama cha pafoni, ndipo isakhale chaka chimene munabadwa, chifukwa chalembedwa pa chiphaso chimene chimabedwera limodzi ndi foni. Wogwira ntchito ku banki kapena ku kampani ya foni sangakuimbireni kufunsa pini, ndipo ejenti musamupatse foni kuti akudinireni. Foni yanu ikangotaya netiweki kwa nthawi yaitali pamene anzanu a kampani yomweyo akuimba bwinobwino, mwina wina watulutsa simu ina pa nambala yanu. Musadikire mawa. Bwerekani foni, imbirani banki yanu itseke khomo la pafoni, kenako pitani ndi chiphaso chanu ku kampani ya foni. Nambala ya banki yoimbira pa nthawi yotereyi ilembeni lero lomwe m'kabuku, osati mufoni imene ingabedweyo.