Kupempha Kukwezedwa Malipiro Kapena Kukalowa Ntchito Kwina

Kalaliki amene wagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa kampani imodzi amakhala ndi zinthu ziwiri zoti angagulitse. Choyamba ndi zimene amadziwa za ofesi yakeyo: komwe kuli fayilo iliyonse, kasitomala amene amachedwa kulipira, ndi dalaivala amene malisiti ake amafunika kuwayang'ana kawiri. Chachiwiri ndi luso limene angalinyamule n'kupita nalo kulikonse, monga kulemba mabuku a ndalama, kugwiritsa ntchito Excel, ndi satifiketi imene anaivutikira kusukulu ya madzulo. Akamapempha bwana kuti amukwezere malipiro, amakhala akugulitsa choyambacho, chimene chili ndi wogula mmodzi yekha. Akamafunsira ntchito kwina, amakhala akugulitsa chachiwiricho, chimene chili ndi ogula ambiri, komanso ogulitsa ambiri.

Tiyerekeze kalaliki wa pa kampani yogulitsa katundu wa pikulitsa ku Limbe, amene amakhala ku Bangwe ndipo amalandira K500,000 pa mwezi asanadule msonkho. Manambalawa ndi ongoyerekezera, koma vuto lake ndi lenileni. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo munthu amene malipiro ake ankakwera pang'onopang'ono m'zaka zimenezo amagula ufa ndi mafuta ophikira ochepa kuposa kale, ngakhale nambala ya pa pepala lake la malipiro yakula. Tinene kuti bwana angalole kumufikitsa pa K560,000, pamene kampani ina ya ku Ginnery Corner yamulonjeza K650,000.

Njira ziwirizi zimafanana pa chinthu chimodzi: zonse zimafuna umboni, ndipo dandaulo silithandiza pa iliyonse. Wopempha kukwezedwa akanena kuti, "Bwana, zinthu zadula, lendi yakwera," amayankhidwa kuti zinthu zadulira aliyense, kampani yomwe. Koma akanena kuti, "Bwana, chichokereni mnzathu wa ku sitolo uja ndine amene ndikuwerengera katundu ndi kulemba mainivoisi, ndipo izi mulibe m'kalata yanga ya ntchito," bwana amakhala ndi choti akanene kwa akuluakulu ake. Chimodzimodzi wofunsira ntchito kwina sangadalire kunena kuti ndi wolimbikira. Amafunsidwa ngati amatha kufananitsa buku la ndalama ndi sitetimenti ya ku banki, ndipo nthawi zina amamukhazika pa kompyuta kuti aonetse. Kusiyana kwake n'kwakuti umboni wa mkati bwana anauona kale ndipo anauzolowera, pamene wa kunja uyenera kuonetsedwa kwa anthu achilendo m'mphindi zochepa.

Nthawi nayo imagwira ntchito mosiyana. Pempho la mkati lili ndi nyengo yake: liyenera kufika bajeti ya chaka chamawa isanatsekedwe. Kumene chaka cha ndalama chimayamba mu Januwale, wopempha mu Febuluwale wachedwa, ndipo adzamva kuti "tiona chaka chamawa". Ntchito ya kunja ilibe nyengo yotere, koma siibwera pa tsiku limene munthu akuifuna. Angathe miyezi akutumiza makalata osayankhidwa. Kwa kalaliki wa m'boma nkhaniyi ndi ina ndithu, chifukwa malipiro amatsata giredi, ndipo bwana amene amakhala naye mu ofesi alibe mphamvu yowonjezera ngakhale tambala. Kumeneko njira ya mkati ndi kukwezedwa giredi, kapena kudikira zimene bungwe la ogwira ntchito m'boma ligwirizane ndi boma.

Tsopano tiwerengere. Pakati pa K560,000 ndi K650,000 pali K90,000, ndipo nambala imeneyi ndi imene imakopa maso. Koma ndalama yowonjezerayo imadulidwa msonkho wa PAYE, tinene 30 peresenti, ndi 5 peresenti imene wantchito amasonkha ku penshoni. Chotsala m'thumba ndi pafupifupi K58,000. Kuchokera ku Bangwe kupita ku Limbe ndi minibasi imodzi, pamene kukafika ku Ginnery Corner n'kutheka kukwera ziwiri. Ngati yachiwiriyo ndi K1,000 ulendo umodzi, masiku 22 a ntchito adya K44,000, ndipo phindu lija latsika kufika cha m'ma K14,000. Ndiye pali zina zimene sizilembedwa pa chikalata cholengeza ntchito: ngati kampani yakale imapereka nkhomaliro kapena imalipirira banja lonse sikimu ya chipatala monga MASM, pamene yatsopano imalipirira wantchito yekha, K14,000 ija yatha, mwina n'kulowa m'ngongole.

Koma kuwerengera kwa mwezi umodzi kumapondereza ntchito yatsopano, chifukwa phindu lake limakula ndi zaka. Makampani ambiri amakweza malipiro ndi peresenti, ndipo 10 peresenti ya K650,000 ndi K65,000, pamene ya K560,000 ndi K56,000. Mpatawo umakula chaka ndi chaka. Lamulo la penshoni limalamulanso olemba ntchito kusonkha 10 peresenti ya malipiro, kotero kuti mwezi uliwonse m'thumba la penshoni la wosamukayo mumalowa K9,000 yoposa ya wotsalayo, osawerengera gawo lake. Penshoni imene anasonkha kale siitayika akasintha ntchito. Imakhalabe yake, ngakhale ndi nzeru kufunsa kwa osunga penshoniyo ngati kampani yakale inkatumizadi ndalama zimene inkadula. Ndipo mtengo wa minibasi si wamuyaya, poti munthu angathe kusamukira ku Ndirande kapena ku Chitawira.

Chimene chimatayika ndi china, ndipo ambiri sachiwerengera chifukwa sichioneka pa pepala la malipiro. Lamulo la za ntchito la mu 2000, monga linakonzedwera mu 2010, limati wochotsedwa ntchito chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena yagwa m'mavuto a zachuma alipidwe molingana ndi zaka zimene wagwira: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyamba, a masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi a masabata anayi pa zaka zopitirira pamenepo. Kalaliki wathu wa zaka zisanu ndi zinayi ali ndi masabata 10 kuphatikiza 12, onse pamodzi 22, omwe ndi pafupifupi miyezi isanu, kapena K2.5 miliyoni pa malipiro ake a lero. Akasiya ntchito yekha salandira ndalama imeneyi, ndipo kumene akupitako zaka zimayambira pa ziro. Komabe tisaikulitse mopitirira muyeso. Si ndalama yosungidwa ku banki ayi. Ndi ambulera imene imatsegulidwa pokhapokha mvula ikagwa, ndipo munthu angafike popuma ntchito osaitsegulapo. Pa kampani yolimba mtengo wake ndi wochepa. Pa kampani yogwedezeka ndi waukulu, bola ngati kampaniyo idzakhale ndi ndalama zolipirira, ndipo kampani yogwedezekayo ndi yomwenso munthu wanzeru amafuna kuithawa msanga.

Wotsala ali ndi ntchito yokhazikika, pamene wosamuka amayamba ndi nthawi yoyesedwa. Lamulo lomweli limalola kuti nthawi imeneyi ifike miyezi khumi ndi iwiri, ndipo mkati mwake mbali iliyonse ingathetse mgwirizano popanda notisi. Mayi kapena bambo wa ana a ku sekondale, amene ali ndi ngongole ya ku banki kapena ya ku SACCO yodulidwa pa malipiro, amamva kulemera kwa mawu amenewa kuposa mnyamata wongoyamba kumene. Mabungwe omwe si a boma nthawi zambiri amalipira bwino, koma pa kontrakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, imene imatha pulojekiti ikatha. Kutsala nako kuli ndi ngozi yake, kungoti imabwera mwakachetechete. Kalaliki amene amangodziwa kachitidwe ka ofesi imodzi amafika zaka makumi anayi ndi zisanu ali wofunika kwambiri pamalo amodzi ndi wosafunika kwina kulikonse, ndipo bwana akazindikira zimenezi saonanso chifukwa chomukwezera.

Kulephera kwa njira ziwirizi kumaonekanso mosiyana. Pempho la mkati limafa ndi mawu okoma. Bwana akati "tiganizira" koma osatchula mwezi, osatchula ndalama, osalemba kalikonse, ndiye kuti wakana. Akapereka udindo watsopano, nkumutcha kalaliki wamkulu popanda kusintha malipiro, wakananso, ngakhale dzinalo lili ndi ntchito yake pa kalata yofunsira kwina. Akapereka alawansi m'malo mokweza malipiro enieni, wavomera theka, chifukwa alawansi imachotsedwa mosavuta ndipo kawirikawiri kukweza kwa chaka chamawa sikuwerengedwa pa iyo. Ntchito yatsopano imafa ndi changu. Amene amakuuzani pa foni kuti muyambe Lolemba, kalata idzabwera pambuyo, akukupemphani kuti muphwanye notisi ya mwezi umodzi imene wolipidwa pa mwezi ayenera kupereka, n'kutaya malipiro a mweziwo pamodzi ndi mbiri yabwino, pa lonjezo la pakamwa. Kalata yosiyira ntchito imalembedwa pamene kalata ya ntchito yatsopano, yosainidwa, yotchula malipiro ndi kutalika kwa nthawi yoyesedwa, ili m'manja.

Pali pamene njira ziwirizi zimakumana, ndipo mpamene pamafunika kusamala kwambiri. Kalata ya K650,000 ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse pa tebulo la bwana wa ku Limbe, chifukwa ikuonetsa mtengo umene ena aika. Ena amalowa nayo n'kunena mwaulemu kuti, "Bwana, ndapeza mwayi kwina, koma mtima wanga uli pano, kodi pali chimene mungachite?" Nthawi zina bwana amafika pa K620,000 tsiku lomwelo, ndalama imene kwa zaka zitatu ankati kulibe. Koma wonena mawu amenewa ayenera kukhala wokonzeka kunyamukadi, chifukwa yankho lingakhale lakuti "pitani bwino", ndipo ngakhale atsale, bwana wadziwa kuti maso ake ali pakhomo. Mbali inayo, olemba ntchito ena amafunsa malipiro a panopa, enanso amapempha pepala la malipiro, n'kuwonjezerapo pang'ono. Choncho kalaliki amene wayamba wakwezedwa kufika pa K560,000 amakambirana ndi kampani yachiwiri ataima pamwamba kuposa amene akadali pa K500,000, ndipo miyezi ingapo yodikira bajeti ya ku Limbe ingakweze mtengo wake ku Ginnery Corner, ngati malowo angamudikire.