Mlonda wa webusaiti asamagone ndi laputopu

Mwini sitolo yogulitsa katundu pa intaneti amafuna kudziwa msanga webusaiti yake ikasiya kutseguka, makasitomala asanayambe kudandaula. Ambiri amalemba kapulogalamu ka mizere yochepa koyesa kutsegula tsambalo pa mphindi 5 zilizonse, ndipo likakana kamatumiza uthenga pafoni. Nkhani yagona pa kumene kapulogalamuko kaikidwa.

Kakakhala pa laputopu yakunyumba, kamagwira ntchito pokhapokha laputopuyo ili maso. Mukangoipinda imagona, ndipo `cron`, pulogalamu imene imadzutsa ntchito pa nthawi yake, imagonanso. Ikadzuka sibwerera kukachita zimene zinaidutsa. Mukapinda laputopu 10 koloko usiku n'kuitsegula 6 koloko m'mawa, pa maulendo 288 oyenera kuyesa patsiku, 96 apita padera. Choopsa n'chakuti foni imangokhala duu usiku wonse, inu n'kumati zonse zili bwino, chonsecho mlonda ali m'tulo. Mungathe kuiletsa kugona, inde, koma magetsi akazima kapena bando ikatha mwabwerera pomwe paja.

N'chifukwa chake ntchito yotereyi imayenera seva yobwereka, imene ogulitsa amailemba kuti VPS. Ndi kachigawo ka kompyuta yaikulu ya kampani ina, yoyaka usana ndi usiku. Yaing'ono kwambiri, ya madola 4 mpaka 6 pamwezi, imakwanira n'kutsalako, kungoti pamafunika khadi lolipirira kunja. Mumailowa ndi `ssh`, n'kukoperamo kapulogalamu kaja, kenako mumalemba `crontab -e` ndi kuwonjezera mzere uwu:

```
*/5 * * * * /home/ubuntu/londa.sh >> /home/ubuntu/londa.log 2>&1
```

Mbali yoyamba ikutanthauza mphindi 5 zilizonse. Mbali yomaliza imasunga zonse zimene kapulogalamuko kanena, ndi zolakwika zomwe, mu fayilo ya `londa.log`. Musaisiye, chifukwa `cron` sidziwa mafoda onse amene inu mumawapeza mukalowa nokha, moti lamulo limene linayenda bwinobwino pamanja lingathe kukanika mwakachetechete. Polemba malamulo m'kapulogalamuko, tchulani njira yonse, monga `/usr/bin/curl`. Maola a m'fayiloyo asakusokonezeninso: maseva ambiri amayendera nthawi ya UTC, imene imatsalira ndi maola 2 poyerekeza ndi ya ku Malawi kapena ku Zambia.

Seva nayo imafa, makamaka ngati khadi lakana kulipira kapena malo osungira adzaza. Mankhwala ake ndi kutembenuza zinthu. Kapulogalamu kazilengeza kuti kali moyo nthawi iliyonse kakamaliza ntchito, pogogoda ndi `curl` pa adiresi imene mwapatsidwa ndi malo ngati Healthchecks.io, ndipo kugogodako kukasiya, malowo ndi amene amakuchenjezani. Tsiku loyamba lomwelo yesani dala: ikani `#` kumayambiriro kwa mzere uja, mudikire nthawi imene munaika ithe, muone ngati chenjezo lafikadi pafoni.